Peresenti 40 Imene Sinabwere ndi Ngwee Yowonjezera: Kugawa Patatu Phindu la Mpamba

Tiganizire shopu ya kuno ku Chipata yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a m'munda, monga zija zimene zimadzaza ndi alimi mvula ikayandikira. Mabuku ake akusonyeza kuti chaka choyamba mpamba wa mwini unabweretsa phindu la peresenti 30, ndipo chaka chachiwiri unabweretsa peresenti 40. Munthu woona manambala awiriwa okha anganene kuti malonda akwera, koma ndalama zenizeni za phindu zinali K120,000 chaka choyamba ndi K120,000 chaka chachiwiri, popanda ngakhale ngwee imodzi yowonjezera. Manambala a shopu imeneyi ndawakonza ndekha kuti masamu asavute, ndipo msonkho ndausiya pambali, koma zochitika zake n'zimene aliyense wosunga mabuku a amalonda amakumana nazo.

Nambala tikukambayi imalembedwa ROE m'malipoti a makampani, ndipo imapezeka pogawa phindu la chaka ndi mpamba wa mwini. Mpamba wa mwini si ndalama zimene munthu anayamba nazo bizinesi zokha ayi. Ndi zimene zingatsale m'manja mwake titawonkhetsa chuma chonse cha bizinesi, monga katundu wa m'sitoko, galimoto, mashelefu, ndalama za ku banki ndi zimene makasitomala sanalipire, kenaka n'kuchotsapo nkhongole zonse. Vuto la nambalayi n'lakuti imakwera pa zifukwa zosiyana kwambiri, zina zabwino zina zoopsa, koma yokha siinena kuti yakwera chifukwa chiti.

Njira yoigawira inachokera ku kampani ya DuPont ya ku America, komwe Donaldson Brown anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1910 asanapite kukagwira ntchito ku General Motors. Iye anali kugawa phindu la chuma chonse m'magawo awiri, ndipo gawo lachitatu, la nkhongole, linawonjezedwa pambuyo pake. M'mabuku a akauntanti imalembedwa motere:

```
ROE = (Net Income / Sales) x (Sales / Total Assets) x (Total Assets / Equity)
```

Gawo loyamba ndi phindu kugawa ndi zogulitsa zonse, lachiwiri ndi zogulitsa kugawa ndi chuma chonse, ndipo lachitatu ndi chuma chonse kugawa ndi mpamba wa mwini. Zogulitsa zili pansi m'gawo loyamba ndi pamwamba m'gawo lachiwiri, choncho zimafafanizana. Chuma nachonso chimafafanizika chimodzimodzi, n'kutsala phindu pamwamba, mpamba pansi. Apa pali mfundo imene iyenera kumveka bwino: kugawaku sikubweretsa yankho latsopano, ndipo nthawi zonse masamu ake amatuluka ndendende ngakhale mabuku atakhala olakwika. Ntchito yake n'kusandutsa funso limodzi kukhala mafunso atatu, lililonse loloza mbali yake ya bizinesi.

Chaka choyamba shopu yathu inagulitsa katundu wa K2,400,000 n'kupeza phindu la K120,000. Chuma chake chinali K800,000, ndipo mwa izi K400,000 zinali za mwini, K250,000 zinali nkhongole kwa makampani opereka katundu, K150,000 zinali za ku banki. Phindu pa zogulitsa linali peresenti 5, ndiye kuti pa kwacha iliyonse yolowa m'kabati, ngwee zisanu zinali kutsala zonse zitalipiridwa. Chuma chinazungulira katatu, pakuti K2,400,000 kugawa ndi K800,000 ndi 3. Gawo la nkhongole linali 2, kutanthauza kuti pa kwacha iliyonse ya mwini, bizinesi inali kugwiritsa ntchito chuma cha makwacha awiri, ina ya iye mwini, ina ya anthu ena. Tikachulukitsa 5 ndi 3 ndi 2 tipeza 30.

Magawo awiri oyambawa amakokana, ndipo mtundu wa malonda ndiwo umanena kumene mphamvu yagona. Holoselo ya ku Down Shops yogulitsa shuga, mchere, sopo ndi mafuta ophikira ingatsale ndi ngwee ziwiri zokha pa kwacha, chifukwa wogula amadziwa mtengo wa pa khomo lotsatira, koma katundu wake sagona, moti chuma chingazungulire kasanu ndi kawiri ndi theka pa chaka. Loji ya m'mbali mwa msewu wopita ku Lusaka ingatsale ndi ngwee 25 pa kwacha, koma ndalama zake zinakwiriridwa m'njerwa, malata, mabedi ndi chitsime, ndipo zogulitsa za chaka chonse zingangofika pa 0.6 ya chuma chake. Onse awiri atakhala ndi gawo la nkhongole la 2, holoselo ipeza 2 kuchulukitsa ndi 7.5 ndi 2, loji ipeza 25 kuchulukitsa ndi 0.6 ndi 2, ndipo yankho la onse ndi 30. N'chifukwa chake kuyerekeza gawo limodzi la holoselo ndi la loji sikuphunzitsa kanthu. Gawo lililonse liyerekezedwe ndi la bizinesi yomweyo chaka chatha, kapena ndi la ina yogulitsa zofanana.

Kukokanaku kumathandizanso kuyesa maganizo otsitsa mtengo, amene amabwera kawirikawiri mnzako wa pafupi akatsitsa wake. Mwini shopu yathu akachotsa pafupifupi kwacha imodzi pa K100 iliyonse, wogula sangaone kusiyana kwenikweni pa thumba la feteleza, koma phindu pa zogulitsa litsika kuchoka pa peresenti 5 kufika pa 4. Kuti akhalebe pa 30, chuma chiyenera kuzungulira ka 3.75 m'malo mwa katatu, ndiye kuti agulitse kuposa kale ndi peresenti 25 popanda kuwonjezera sitoko kapena kukongoza anthu ambiri. Amalonda ambiri amaona kutsitsa kwa peresenti imodzi ngati kanthu kakang'ono chifukwa amakuyerekeza ndi mtengo wa thumba, pamene kunayenera kuyerekezedwa ndi ngwee zisanu zija, zimene imodzi mwa izo yapita.

Tsopano tione chaka chachiwiri. Zogulitsa zinakwera kufika pa K3,000,000, ndipo shopu inali yodzaza kuposa kale lonse. Chuma chinafika pa K1,200,000. Mwini anatengamo K220,000 kuti amalizire nyumba, ndalama zoposa phindu la chakacho ndi K100,000, choncho mpamba wake unatsika kuchoka pa K400,000 kufika pa K300,000. Nkhongole zinakwera kufika pa K900,000, mwa izi K500,000 za makampani opereka katundu ndi K400,000 za ku banki. Magawo atatu aja anakhala motere:

```
Chaka 1:  5%  x  3.0  x  2  =  30%
Chaka 2:  4%  x  2.5  x  4  =  40%
```

Mizere iwiriyi ikunena zimene peresenti 40 inabisa. Phindu pa zogulitsa latsika, kuzungulira kwa chuma kwatsika, ndipo chokwera ndi nkhongole yokha. Magawo awiri oyamba akachulukitsidwa paokha amapereka phindu la chuma chonse, ndipo limeneli latsika kuchoka pa peresenti 15 kufika pa 10. Kwacha iliyonse imene ili mu shopu, kaya ndi ya ndani, ikubala zochepa kuposa chaka chatha. Nambala ya mwini yakwera kokha chifukwa phindu lomwelo la K120,000 likugawidwa ndi mpamba wochepa.

Gawo lachiwiri likatsika, munthu sayenera kuima pa nambalayo, koma atsegule chuma chija aone chimene chatupa. Mu shopu yathu galimoto ndi mashelefu zinatsika pang'ono chifukwa cha kutha, kuchoka pa K200,000 kufika pa K180,000, ndipo ndalama za m'manja ndi ku banki zinachoka pa K50,000 kufika pa K40,000. Sitoko inakwera kuchoka pa K450,000 kufika pa K650,000, koma chimene chinakwera kwambiri ndi kabuku ka okongola, kuchoka pa K100,000 kufika pa K330,000. Zogulitsa zakwera ndi peresenti 25, pamene nkhongole za makasitomala zapitirira katatu. Tikaziwerenga m'masiku, chaka choyamba zinali zofanana ndi malonda a masiku 15, chaka chachiwiri a masiku 40. Kabuku kameneka amakadziwa aliyense wogulitsa zaulimi: masamba ake ali ndi mayina a alimi ndi magulu a ku Katete, Chadiza ndi Lundazi, ndipo pambali pa ena palembedwa kuti adzalipira akagulitsa soya kapena nshawa. Dzina limene lakhala nyengo ziwiri za kukolola osafafanizidwa likuwerengedwabe ngati chuma, ngakhale kuti mwayi woti ndalamazo zidzabwera wachepa kwambiri.

Sitoko nayonso imafuna kuiona ndi maso, osati m'buku mokha. Matumba a yureya amene anaikidwa pansi popanda matabwa amayamwa chinyontho n'kuuma ngati mwala, ndipo mapaketi a mbewu ya chimanga yotsala chaka chatha sangagulitsidwe pa mtengo wonse chifukwa kameredwe kake kamatsika. M'buku zonsezi zili pa mtengo wogulira. Tsiku limene zidzalembedwe pa mtengo wake weniweni, kusiyanako kudzachoka pa phindu, ndipo vuto limene lero likuoneka m'gawo lachiwiri lidzasamukira m'gawo loyamba. Mwa kuona kwanga, kutsika kwa kazunguliridwe ka chuma ndiko kumafulumira kuchenjeza, nthawi zambiri chaka chathunthu phindu lisanayambe kugwa.

Gawo lachitatu ndilo limafuna kusamala kwambiri, chifukwa mmene lalembedwera limaoneka ngati mphatso. Aliyense woona masamuwo angaganize kuti kuchoka pa 2 kupita pa 4 kumawirikiza phindu la mwini popanda mtengo uliwonse. Koma nkhongole ya ku banki ili ndi chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho sichioneka m'gawo lachitatu. Chinachotsedwa kale phindu lisanawerengedwe, choncho chabisala m'gawo loyamba. Ichi ndicho chofooka chachikulu cha kugawa patatu: magawo ake si oima paokha, ndipo nkhongole ikakweza lachitatu imatsitsanso loyamba.

Kuti tione zimenezi, tinene kuti banki ikulipiritsa peresenti 30 pa chaka. Chaka choyamba chiwongoladzanja pa K150,000 chinali K45,000, ndiye kuti phindu banki isanalandire zake linali K165,000, pafupifupi peresenti 6.9 ya zogulitsa. Chaka chachiwiri chiwongoladzanja pa K400,000 chinali K120,000, ndipo phindu banki isanalandire zake linali K240,000, peresenti 8 ya zogulitsa. Apa tikupeza chinthu chimene mzere uja wa 5 ndi 4 sukanatiuza: pa kugula ndi kugulitsa kwenikweni, mwini anachita bwino kuposa chaka chatha. Mitengo yake sinalakwike, ndipo ndalama za lendi, malipiro ndi mafuta a galimoto sizinamulemere kuposa kale. Akanati aone kutsika kwa gawo loyamba n'kuthamangira kukweza mitengo kapena kuchotsa wantchito, akanakhala akuchiza pamene sipakudwala.

Chimene chinachitika n'chakuti chuma chowonjezera cha K400,000 chinabweretsa phindu lowonjezera la K75,000, ndipo chiwongoladzanja nacho chinakwera ndi K75,000. Zonse zimene shopu inapindula pokula zinapita ku banki. Muyeso wake ndi wosavuta, ndipo ndi umene uyenera kuyenda limodzi ndi magawo atatu aja nthawi zonse: yerekezani zimene chuma chikubala chiwongoladzanja chisanachotsedwe ndi mtengo wa ndalama zobwereka. Mu shopu yathu K240,000 kugawa ndi K1,200,000 ndi peresenti 20, pamene banki ikufuna 30. Kwacha iliyonse yobwereka ku banki ikubala ngwee 20 n'kulipiritsa ngwee 30, choncho ikuchotsa ngwee 10 pa phindu la mwini. Ngati ndalama za ku banki zikulephera muyeso umenewu, za kaloba, zimene chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pa mwezi, zimaulephera kutalitali.

Wina angafunse kuti nanga shopuyo ikupindulabe bwanji. Yankho lili m'nkhongole zinazo, K500,000 za makampani opereka katundu, zimene zilibe chiwongoladzanja cholembedwa. Gawo lachitatu limasakaniza mitundu yonse ya nkhongole m'nambala imodzi, kotero 4 wochokera ku katundu wopatsidwa kuti udzalipire pambuyo pake ndi 4 wochokera ku banki amaoneka ofanana, pamene mtengo wake ndi wosiyana kwambiri. Ngakhale zili choncho, nkhongole ya katundu si yaulere kwenikweni, chifukwa nthawi zambiri wolipira pomwepo amapatsidwa mtengo wotsikirapo. Ilinso ndi tsiku lake, ndipo tsikulo likafika alimi asanakolole, wopereka katundu akhoza kuleka kutumiza pa nthawi imene shopu ikufuna katunduyo kwambiri.

Nambala ya gawo lachitatu ili ndi tanthauzo lina limene ndimaona kuti ndilo lofunika kuliloweza. Imanena kuti chuma chikaonongeka, mwini apwetekedwa kangati. Eni nkhongole salandira zochepa chifukwa chakuti matumba auma kapena mlimi sanalipire, choncho kutayika konse kumagwera pa mpamba. Chuma chikatsika ndi peresenti 10, chaka choyamba zimenezo ndi K80,000, peresenti 20 ya mpamba, koma chaka chachiwiri ndi K120,000, peresenti 40 ya mpamba. Pa 2, chuma chiyenera kutaya theka la mtengo wake kuti mwini atsale wopanda kanthu. Pa 4, gawo limodzi mwa magawo anayi n'lokwanira. Kuno kumene malonda a zaulimi amadalira mvula, zimenezi si nkhani ya m'buku chabe. Ng'amba ikagwa mu Januwale ndi Febuluwale, theka la okongola aja n'kulephera kulipira, K165,000 zapita, ndipo phindu la K120,000 lasanduka kutaya kwa K45,000 tisanawerengeko sitoko yotsala.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza masamuwa m'mabizinesi a kwathu kuno, ndipo zonse zimachitika manambala asanalowe n'komwe mu fomula. Choyamba ndi tsiku lowerengera chuma. Zogulitsa ndi phindu ndi za chaka chonse, koma chuma ndi mpamba ndi za tsiku limodzi. Shopu ya zaulimi imadzaza mu Okutobala ndi Novembala, n'kukhala pafupifupi yopanda kanthu mu Juni, alimi atalipira ndipo makampani atabwezeredwa zawo. Chuma chimene ndi K1,200,000 pa nthawi yodzaza chingakhale K600,000 pa nthawi yokolola, ndipo kuzungulira kungaoneke ngati 2.5 kapena 5, gawo la nkhongole ngati 4 kapena 2, malinga ndi tsiku limene lasankhidwa. Mabuku ambiri amalangiza kutenga pakati pa chuma cha kumayambiriro ndi cha kumapeto kwa chaka, koma pa malonda a nyengo zimenezi sizithandiza kwenikweni, chifukwa masiku onse awiriwo amagwera pa nyengo imodzi. Ndi bwino kuwerenga chuma ndi mpamba miyezi itatu iliyonse, kuwonkhetsa manambala anayiwo n'kugawa ndi 4, ndi kugwiritsa ntchito njira yomweyo chaka chilichonse.

Chachiwiri ndi malipiro a mwini. M'shopu zambiri mwini ndi mkazi kapena mwamuna wake amagwira ntchito kuyambira m'mawa mpaka madzulo osadzilembera malipiro, ndipo thukuta lawo limalowa m'phindu ngati kuti labalidwa ndi mpamba. Ngati munthu wolembedwa ntchito yoyang'anira shopu yathu akanalandira K5,000 pa mwezi, ndiye kuti K60,000 mwa K120,000 zija ndi malipiro, ndipo peresenti 30 ya chaka choyamba ndi 15 chabe. Nambala yotsikayi ndiyo iyenera kuyerekezedwa ndi zimene ndalamazo zikanabala kwina. Tiwonjezere kuti mpamba ukachepa kwambiri nambala yonse imataya tanthauzo: mwini akanatenga zambiri mpaka mpamba kutsala K30,000, ROE ikanafika m'mazana, ndipo mpamba ukapita pansi pa ziro palibenso chowerenga.

Magawo atatuwa akawerengedwa motere, amaloza chochita chenicheni mu shopu yathu, ndipo sichikhudza mitengo. Tinene kuti mwini watolera K200,000 mwa nkhongole za makasitomala n'kuzipereka zonse ku banki. Chuma chitsika kufika pa K1,000,000, nkhongole ya ku banki ifika pa K200,000, chiwongoladzanja chikhala K60,000, ndipo phindu likwera kufika pa K180,000. Gawo loyamba likhala peresenti 6, lachiwiri libwerera pa 3, lachitatu litsika kufika pa 3.33, ndipo zonse pamodzi zipereka peresenti 60. Nkhongole yatsika koma phindu la mpamba lakwera, chinthu chimene woona gawo lachitatu lokha sakanayembekezera. N'zoona kuti ena mwa makasitomala anabwera chifukwa chololedwa kukongola, ndipo akauzidwa kuti alipire pomwepo adzapita kwina. Tinene kuti zogulitsa zatsika ndi peresenti 10 kufika pa K2,700,000, ndipo ngwee 8 pa kwacha zija sizinasinthe. Phindu banki isanalandire zake likhala K216,000, ikalandira K60,000 zake patsala K156,000, ndipo pa mpamba wa K300,000 imeneyo ndi peresenti 52.